Foni yatsopano yafika, koma macheza ndi zithunzi zakale sizikubwera

Munthu akagula foni yatsopano amayembekeza kuti akangoika simu khadi ndi kutsegula WhatsApp, zonse zimene zinali m'foni yakale zibwera zokha: macheza a pabanja, mavoisi a amayi akumudzi, zithunzi za pa chinkhoswe, maoda a makasitomala. Nthawi zambiri zimabweradi. Koma pali anthu ambiri amene amangoona mayina a magulu ali ndandanda, m'kati mwake muli mbee. Akatero amathamangira kunena kuti foni yatsopanoyo ndi yachinyengo, kapena kuti wogulitsa wawapusitsa. Kunena zoona, foni yatsopano siikhala yolakwa kawirikawiri. Vuto limakhala litayamba kale pa foni yakale, mwina miyezi ingapo m'mbuyomo, mwini wake osadziwa.

Choyamba chofunika kumvetsa n'chakuti WhatsApp sasunga macheza anu ku makina ake. Uthenga ukangofika pa foni ya amene mwamutumizira, ku makinawo umafufutidwa. Umene sunafike amausunga kwa masiku osapitirira 30, kenako nawonso amautaya. Ndiye kuti mbiri yonse ya macheza anu ili m'foni mwanumo. Kope lina limapezeka pokhapokha ngati foniyo inkatumiza bakapu kwina. Pa mafoni a Android, monga Tecno, itel, Infinix ndi Samsung amene ambirife tili nawo, bakapu imapita ku akaunti ya Google, ija ya Gmail. Pa iPhone imapita ku iCloud. Nambala yanu ya foni payokha siinyamula uthenga ndi umodzi womwe. Imangobweretsa dzina lanu ndi magulu amene mulimo, n'chifukwa chake magulu amaoneka koma opanda kanthu.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze mayi wina wogulitsa zitenje mu msika wa Limbe. Foni yake yakale yayamba kuzima yokha, ndiye wagula ina, nayonso ya Android. Mnyamata wa pashopu wamuikira simu khadi, wamutsegulira foni, wamuikiranso WhatsApp. Pofika kunyumba mayiyu akupeza kuti macheza onse ndi makasitomala ake, pamodzi ndi zithunzi za malisiti, palibe. Tiyende naye pang'onopang'ono.

Funso loyamba si la foni yatsopano ayi. Ndi lakuti, kodi bakapuyo ilipo? Ngati foni yakale ikuyakabe, mayiyu atsegule WhatsApp n'kutsata njira iyi:

```
Settings > Chats > Chat backup
```

Pamenepo pali zinthu zitatu zoti awerenge modekha: tsiku limene bakapu yomaliza inachitika, kukula kwake, ndi adiresi ya Gmail imene bakapuyo inkapitako. Anthu ambiri amadabwa pomwepa. Ena amapeza kuti palibe akaunti ya Google imene inasankhidwapo chiyambire. Ena amapeza tsiku la chaka chatha. Foni imatha kuonetsanso kuti inasunga kope usiku wathawu cha m'ma 2 koloko, koma kope limenelo ndi la m'foni momwemo, silinapite kulikonse, ndipo foni ikabedwa limapita nayo limodzi. Ngati foni yakale palibe, njira ina ndi kutsegula pulogalamu ya Google Drive pa foni iliyonse ndi akaunti yakaleyo, kudina timizere titatu ta pakona, n'kusankha Backups. Bakapu ya WhatsApp ikakhalapo imaoneka pamenepo, yolembedwa ndi nambala ya foni yoyamba ndi 265. Simungaitsegule n'kuwerenga, koma mungaone kuti ilipo ndiponso kuti ndi ya liti.

N'chifukwa chiyani bakapu imaima mwini wake akuganiza kuti ikuyenda? Kwa ife kuno chifukwa chachikulu ndi deta. WhatsApp amabwera atakonzedwa kuti azitumiza bakapu pa Wi-Fi pokha. Munthu amene alibe Wi-Fi kunyumba kapena kuntchito, ndipo sanayatse Back up using cellular, foni yake imangodikira Wi-Fi imene sidzabwera. Palinso nkhani ya bandulo. Ambiri timagula bandulo ya WhatsApp yokha chifukwa ndi yotchipa, koma bakapu siipita ku makina a WhatsApp, imapita ku Google. Choncho bandulo yotereyi kawirikawiri siigwira ntchito imeneyi. Mauthenga amayenda bwinobwino, mavidiyo a pagulu amatsika, munthu n'kumaona ngati zonse zili m'malo, pamene bakapu inaima kalekale.

Chifukwa chachiwiri ndi malo. Google amapereka 15 GB yaulere pa akaunti iliyonse, ndipo malo amenewa amagawana Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Kale bakapu ya WhatsApp sinkawerengedwa pa malo amenewa, koma kuyambira kumapeto kwa 2023 ndi kumayambiriro kwa 2024 inayamba kuwerengedwa. Zithunzi za mu Google Photos zinayamba kudya malowa kuyambira pa 1 Juni 2021. Tinene kuti mayi wathu uja ali ndi zithunzi ndi mavidiyo okwana 11 GB, makalata a Gmail 1 GB, ndipo bakapu ya WhatsApp yafika pa 3 GB. Malo atha. Kuyambira tsiku limenelo bakapu yatsopano siilowanso, ndipo chimene adzabweze pa foni yatsopano ndi macheza ofika tsiku limenelo basi. Chizindikiro china chakuti malo atha n'chakuti makalata a Gmail nawonso amasiya kufika. Pa iPhone malo aulere ndi 5 GB yokha, ndiye amatha msanga kuposa apa. Bakapu ikakhala nthawi yaitali osawonjezeredwa, pafupifupi miyezi isanu, Google angathe kuifufuta. Amene foni yake inawonongeka n'kukhala theka la chaka asanagule ina ayenera kudziwa zimenezi.

Tsopano tinene kuti mayiyu wapeza kuti bakapu ilipo, ya sabata yatha, ya 3 GB. Nanga yalekeranji kubwera? Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Kuti WhatsApp apeze bakapu, zinthu ziwiri ziyenera kufanana ndendende ndi za pa foni yakale: nambala ya foni, ndi akaunti ya Google. Zili ngati katundu wosungitsa kwa munthu amene amafuna dzina ndi chiphaso zonse ziwiri, chimodzi chikasiyana sakupatsani. Ndipo akaunti ya Google iyenera kukhala italowetsedwa kale m'foni yatsopano musanatsegule WhatsApp.

Chimene chimachitika m'mashopu ambiri n'chakuti foni yatsopano ikafuna akaunti ya Google, wogula amati sakukumbuka pasiwedi. Wothandizayo, pofuna kuti ntchito ithe msanga, amangotsegula Gmail ina yatsopano pompo. Sachita zimenezi ndi mtima woipa. Koma WhatsApp akafufuza mu akaunti yatsopanoyo sapezamo kanthu, ndipo amangopitirira ngati munthuyo ndi woyamba kumene. Ndimadandaula kwambiri ndi chizolowezi chimenechi, chifukwa pali anthu amene ali ndi ma Gmail anayi kapena asanu, iliyonse inatsegulidwa ndi munthu wina pa foni ina, ndipo mwini wake sadziwa pasiwedi ya ngakhale imodzi. Mayi wathu ayang'ane pa foni yatsopano mu Settings, pamene palembedwa Google kapena Accounts, awerenge adiresi imene ilipo chilembo ndi chilembo, aifananize ndi ija waiona pa foni yakale. Kusiyana kwa nambala imodzi kumapeto kwa dzina n'kokwanira. Ngati waiwala pasiwedi ya akaunti yakale, aibweze foni yakale ikadali m'manja, poti Google amakhulupirira msanga foni imene akaunti inalowetsedwamo kale, komanso amatumiza nambala yotsimikizira ku simu khadi imene inalembetsedwa pa akauntiyo.

Nambala nayo imasokoneza. Mafoni athu ambiri ndi a simu ziwiri, Airtel ndi TNM, ndipo munthu amatha kulembetsa WhatsApp pa foni yatsopano ndi nambala inayo osazindikira. Ena amasintha dala foni ndi nambala tsiku limodzi, makamaka amene apita ku Joni n'kugula simu ya kumeneko. Bakapu ya nambala ya 265 siingatseguke ndi nambala ya 27. Wofuna kusintha zonse ziwiri ayambe wasintha nambala pa foni yakale kudzera pa Settings, Account, Change number, kenako apange bakapu yatsopano, ndiyeno asamukire pa foni inayo. Ngati simu inatayika pamodzi ndi foni, ndi bwino kupita ndi chiphaso cha unzika kukabwezeretsa nambala yomweyo kusiyana ndi kugula ina.

Nambala ndi akaunti zikafanana, WhatsApp amaonetsa kuti wapeza bakapu, n'kufunsa ngati mukufuna kuibweza. Pali batani la Restore ndi lina la Skip. Funso limeneli limabwera kamodzi kokha, mukangomaliza kutsimikiza nambala. Mu Settings mulibe pena paliponse pamene mungadine pambuyo pake kuti macheza akale abwere. Munthu wofulumira, kapena amene bandulo yake yatsala pang'ono, amadina Skip poganiza kuti adzachita mawa. Mawalo palibe pochitira.

Choopsa chenicheni chimabwera pambuyo pa Skip. Mu akaunti ya Google mumakhala bakapu imodzi yokha ya nambala iliyonse, ndipo yatsopano imalowa m'malo mwa yakale. Ndiye ngati mayi uja wadina Skip, akaunti ndi yomwe ija, kenako wavomera kuti foni yatsopano izipanga bakapu tsiku lililonse, foniyo ikangopeza intaneti idzatumiza macheza ake a masiku awiri, ndipo zaka zinayi zija zidzafufutika. Palibe njira yozibwezera kuchokera ku Google. N'chifukwa chake chinthu choyamba kuchita mukaona kuti macheza sanabwere si kuyesa uku ndi uku ayi. Lowani mu Chat backup pa foni yatsopano, muzimitse bakapu yochitika yokha posankha Never kapena Off, malinga ndi mmene zalembedwera pa foni yanu, ndipo musadine batani lobiriwira la Back up. Mukatero mwadzigulira nthawi yoganiza.

Kukonza kwake n'kosavuta bakapu ikakhala kuti ikadalipo. Chotsani WhatsApp pa foni yatsopano, lowetsani akaunti yolondola ya Google, ikaninso WhatsApp kuchokera mu Play Store, tsimikizani nambala yomwe ija, mulole zimene akupempha zokhudza akaunti ndi mafayilo, kenako dinani Restore. Dziwani chinthu chimodzi: mauthenga amene afika pa foni yatsopano m'masiku amenewa adzatayika, chifukwa WhatsApp saphatikiza mbiri ziwiri. Ngati pali oda yofunika imene yabwera dzulo, ijambuleni kaye kapena muitumize kwina kudzera pa Export chat. Musachitenso zochotsa ndi kuika kambirimbiri motsatizana, poti WhatsApp amayamba kukudikiritsani maola angapo asanatumize nambala ina yotsimikizira.

Nthawi zina Restore amayamba bwino n'kuima panjira. Apa zoyang'ana ndi zapafupi. Malo m'foni yatsopano akhale ochuluka kuposa kukula kwa bakapu. Foni yolembedwa 32 GB pabokosi siikhala ndi malo onsewo, chifukwa gawo lalikulu limadyedwa ndi mapulogalamu obwera nayo, ndipo mukathiramo nyimbo ndi mafilimu tsiku loyamba, 3 GB ija isowa pokhala. Intaneti ikhale Wi-Fi yokhazikika kapena bandulo wamba yokwanira, osati ya WhatsApp yokha, ndipo foni ikhale pa tchaja. Ngati magetsi akuzimazima, dikirani nthawi imene batire ladzaza. Kubwezaku kumachitika m'magawo awiri. Mauthenga olembedwa amabwera poyamba, ndipo satenga nthawi chifukwa ndi opepuka. Zithunzi, mavoisi ndi mavidiyo zimatsika pambuyo, inu mukugwiritsa kale ntchito WhatsApp, ndipo pamwamba pa macheza pamaoneka kamzere kosonyeza pamene zafika. Mukaona zithunzi zili mbuu m'maola oyamba musachite mantha n'kuchotsa pulogalamu. Onani kamzereko. Kakanena kuti kakudikira Wi-Fi, ndiye kuti zithunzizo zilipo, zikungofuna njira. Koma mavidiyo akapanda kubwera onse pamene zithunzi zabwera, chifukwa chake n'chakuti Include videos sanayatsidwe pa foni yakale, ndipo mavidiyowo sanalowemo mu bakapu chiyambire.

Pali khomo lina limene likatsekeka palibe angalitsegule. Kuyambira mu 2021 WhatsApp analola anthu kutseka bakapu yawo ndi pasiwedi kapena ndi kiyi wa zilembo ndi manambala 64, pansi pa End-to-end encrypted backup. Ndi chitetezo chabwino, chifukwa ngakhale Google sangawerenge zimene zili m'katimo. Koma foni yatsopano idzafuna pasiwediyo, ndipo mukaiwala, WhatsApp sangakutumizireni ina. Ngati foni yakale ikugwirabe ntchito mungathe kusintha pasiwediyo kapena kuzimitsa chitetezochi muli pomwepo, n'kupanga bakapu ina. Ngati foni yakale inapita, bakapuyo ndi yotsekeka mpaka kale. Pasiwedi imeneyi musaisokoneze ndi manambala 6 a Two-step verification, amene amateteza kulembetsa nambala, osati bakapu.

Ena vuto lawo ndi mtundu wa foni. Bakapu ya mu Google siitseguka pa iPhone, ndipo ya mu iCloud siitseguka pa Android. Wachibale akakutumizirani iPhone kuchokera kunja, macheza amasamuka ndi pulogalamu ya Move to iOS, mafoni onse awiri ali pafupi, ndipo iPhone iyenera kukhala yatsopano kapena yofufutidwa zonse. Mafoni a Huawei amene anatuluka opanda mapulogalamu a Google kuyambira chakumapeto kwa 2019 nawonso sangafike ku bakapu ya mu Google mwa njira yanthawi zonse. Ndipo amene amagwiritsa ntchito GB WhatsApp ndi anzake otengera, amene afala kwambiri pakati pa achinyamata, adziwe kuti mapulogalamu amenewo si a WhatsApp enieni. Kawirikawiri satumiza kanthu ku Google, kope lawo amalisunga m'foda ya dzina lina m'foni momwemo, ndipo WhatsApp weniweni salonjeza kuliwerenga.

Zithunzi za kamera ndi nkhani ina, ngakhale anthu amaziphatikiza. Bakapu ya WhatsApp imanyamula zithunzi zokhazo zimene zinadutsa m'macheza ndipo zikadali m'foni. Zimene munajambula nokha pa ukwati n'kusatumizira aliyense sizilimo. Zimenezo zimasungidwa ndi Google Photos, ngati Backup inali yoyatsa mu pulogalamuyo, ndipo nayonso imadikira Wi-Fi ndi kuima malo akatha. Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti pa foni yatsopano zithunzizi sizibwerera mu Gallery. Zimakhala pa intaneti, ndipo mumaziona mukatsegula Google Photos ndi akaunti yomwe ija, kapena mukalowa pa photos.google.com. Mayi wathu angathe kulira kuti zithunzi za ana zapita pamene zili bwinobwino, wangoyang'ana pakhomo polakwika. Komanso Google Photos amayamba ndi foda ya kamera yokha. Mafoda ena, monga a zithunzi zotsika pa WhatsApp kapena pa Facebook, amafuna kuti muwasankhe nokha pa Back up device folders. Ndipo ngati kamera inkasunga zithunzi pa memori khadi, yambani mwayang'ana kakhadiko musanapereke foni yakale kwa mwana.

Foni yakale ikakhala kuti ilipo ndipo ikuyaka, mayiyu ali ndi njira yabwino kuposa zonsezi, imene sifuna Google n'komwe. Kuyambira mu 2023 WhatsApp ali ndi Transfer chats, imene imapezeka mu Settings pansi pa Chats. Foni yatsopano imaonetsa kachizindikiro ka QR, yakale imakajambula, ndipo macheza ndi zithunzi zimadutsa kuchoka pa foni ina kupita pa inzake mwachindunji. Imagwira ntchito pakati pa Android ndi Android kapena iPhone ndi iPhone, ndipo pamafunika kuti nambala ikhale yomweyo, Wi-Fi ikhale yoyatsa pa onse awiri ngakhale palibe netiweki yolumikizako, ndipo akhale pafupi mpaka zithe. Deta imangofunika pang'ono potsimikiza nambala. Kwa munthu amene 3 GB ya bandulo ndi ndalama ya ndiwo za masiku angapo, njira imeneyi ndi imene ndingamulangize poyamba.

Ngati nambala inalembetsedwa kale pa foni yatsopano, WhatsApp wa pa foni yakale amakhala atatuluka, koma macheza amakhala akadali m'katimo. Musamuchotse, ndipo musalole aliyense kufulasha foniyo. Tsimikizaninso nambala pa foni yakaleyo, ndipo kawirikawiri macheza amaonekanso monga analili. Mukatero chotsani WhatsApp wa pa foni yatsopano, muyambe kusamutsa bwinobwino. Amene amadziwa kufufuza mafayilo angathenso kukopera foda yonse iyi pa kompyuta kuti pakhale kope lapadera:

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp
```

M'menemo muli foda ya Media, mmene zithunzi, mavoisi ndi mavidiyo zimatseguka pa kompyuta iliyonse popanda pasiwedi, ndi ya Databases, mmene muli mauthenga otsekedwa amene amatseguka ndi WhatsApp wa nambala yomweyo basi. Ngakhale mauthenga atakanika kubwerera, zithunzi za malisiti zija zimapulumuka mwa njira imeneyi.

Nanga ngati foni inabedwa, mu Google Drive mulibe bakapu, ndipo pa photos.google.com palibe kanthu? Pamenepo palibe katswiri wa pamsika kapena pulogalamu ya pa intaneti imene ingabweze machezawo, chifukwa palibe pamene asungidwa, ndipo wolonjeza kuti awabweza mukamulipira akungofuna ndalama zanu kapena nambala yanu yotsimikizira. Chimene chatsala ndi anthu amene munkacheza nawo. Uthenga uliwonse unali ndi mbali ziwiri, ndipo mbali inayo ikadali m'foni ya mnzanu. Mayi wa zitenje angapemphe makasitomala ake akuluakulu ndi achibale kuti amutumizire Export chat ya macheza awo pamodzi ndi zithunzi. Sizidzalowa m'malo mwake mu WhatsApp, zidzabwera ngati fayilo yowerenga, koma mayina, masiku ndi ndalama zimene anagwirizana zidzakhalamo.